Njira yopita ku kolasi: mmene nyimbo imamangidwira

Nyimbo yodziwika ikayamba kulira pa ukwati kapena m'minibasi, anthu poyamba amangogwedeza mitu. Woimba akayamba kufotokoza nkhani yake, ambiri amangong'ung'udza chifukwa mawu sawadziwa onse. Kenaka pamafika malo ena pamene aliyense, ngakhale kondakitala amene akuwerenga chenji, amatsegula pakamwa n'kuimba nawo mokweza. Malo amenewo ndi kolasi. Zimenezi sizichitika mwangozi. Wopeka nyimbo anakonza dala kuti anthu adikire kaye, njala iwagwire, ndipo akafika pamenepo amasuke.

Nyimbo zambiri zimene timamva pa wailesi masiku ano, kaya zauzimu, zachikondi kapena za rege, zimamangidwa ndi zigawo zisanu: chiyambi, vesi, pirikolasi, kolasi ndi buliji. Ine ndimaona kuti njira yosavuta yozimvetsera ndi kuyambira pa kolasi, chifukwa zigawo zinazo zimagwirira ntchito iyeyo. China chimaitana womvera, china chimamuuza nkhani, china chimamukankhira ku kolasi, ndipo china chimamuchotsako pang'ono kuti akabwerera aimve ngati yatsopano.

Tisanapite patali, tigwirizane kawerengedwe kake. Oimba amayeza kutalika kwa chigawo ndi mabaa. Mukamatsatira ng'oma n'kumawerenga kuti 1, 2, 3, 4, ndiye kuti mwatha baa imodzi. Nyimbo ikamayenda pa liwiro la mabiti 96 pa mphindi, lomwe ndi liwiro lapakatikati, baa imodzi imatenga masekondi awiri ndi theka. Choncho mabaa 4 ndi masekondi 10, ndipo mabaa 8 ndi masekondi 20. Zigawo zambiri zimakhala za mabaa 4, 8 kapena 16, ndipo khutu la womvera linazolowera zimenezi kwambiri moti chigawo chikatha pa baa yachisanu ndi chiwiri, munthu amamva kuti penapake padumphidwa ngakhale sakuwerenga.

Kuti nkhaniyi isakhale ya m'malere, tiyeni tipeke nyimbo yathuyathu. Mayi wina mwamuna wake anapita ku Joni kukafuna ntchito, ndipo papita zaka osabwera. Tiimanga mu kiyi ya G. Kwa a kwaya amene anazolowera solofa, khodi ya G ndiye do, C ndi fa, D ndi so, Am ndi re, ndipo Em ndi la.

Tiyambe ndi kolasi. Funso loyamba ndi lakuti: mayiyu atapatsidwa mpata wonena chinthu chimodzi chokha, anganene chiyani? Tinene kuti anganene izi: "Chitseko sindinakhome, bwerani. Nyali sindinazime, bwerani." Mawu ndi ochepa, osavuta, ndipo liwu lakuti "bwerani" likubwerezedwa pa malo amodzimodzi, pamene ngakhale mwana angalowepo. Izi kwathu kuno si zachilendo. Pa chitelele, pa mtondo kapena pa maliro, mmodzi amayambitsa ndipo gulu limapolokoza ndi mawu omwewo nthawi zonse. Kolasi ndi gawo la gulu. N'chifukwa chake mawu ake sasintha kuyambira koyamba mpaka komaliza, ndipo dzina la nyimbo nthawi zambiri limapezeka mmenemo.

Chuni cha kolasi chimakhala pamwamba kuposa cha vesi, ndipo mawu ake amakokedwa motalika. Mu nyimbo yathu, kolasi iyambira pa do wam'mwamba, makhodi ake akhala G, C, D, G, ndipo ithera pa G, pamene khutu limamva kuti lafika pakhomo. Zida zonse zilowa pamenepa: besi, ng'oma zonse, kiyibodi ndi mawu othandizira. Apa pali msampha umene oimba ambiri oyamba kumene amagweramo. Amasankha kiyi poyesera vesi, imene ili pansi ndipo ndi yosavuta, kenaka akafika pa kolasi amapeza kuti mawu sakufika, n'kuyamba kukuwa mitsempha ya pakhosi ili njo. Kiyi imasankhidwa poyesera malo okwera kwambiri a kolasi. Pamenepo pakakhala pofikika bwino, vesi idzadzipezera yokha malo.

Koma kolasi payokha sitiuza kuti akuitanidwayo ndani, anapita kuti, ndipo n'chifukwa chiyani chitseko chili chosakhoma. Imeneyo ndi ntchito ya vesi. Mu vesi ndi mmene mumakhala mayina a malo, nthawi ndi zinthu zooneka ndi maso. Vesi yathu yoyamba ingayambe chonchi: "Munakwera basi pa Wenela mvula isanagwe, munati pokolola mudzakhala mutabwera." Taonani kuti m'mizere iwiri yokha womvera wadziwa kumene munthu anakwerera, nyengo imene anachoka ndi lonjezo limene anasiya. Sitinanene kuti mayiyu akumva kuwawa. Tangoika zinthu poyera kuti womvera adzimvere yekha.

Poimba, vesi imakhala kufupi ndi kulankhula. Mawu amakhala ambiri, chuni chimazungulira pansi, pakati pa do ndi mi, ndipo zida zimachepa: mwina gitala, besi ndi kang'oma kogunda pang'onopang'ono. Makhodi awiri okha, G ndi C, akwanira. Ena amaona ngati kuchita zimenezi ndi kuilanda mphamvu nyimbo, koma vesi ikayamba kale ndi zida zonse ndi mawu okwera, kolasi idzasowa pokwerera. Mungayese nokha: imbani vesi ndi kolasi motsatizana popanda chida chilichonse, pamaso pa munthu amene sanaimvepo. Ngati sangathe kuloza pamene kolasi yayambira, ndiye kuti zigawo ziwirizo zafanana kwambiri, ndipo mankhwala ake nthawi zambiri ndi kutsitsa vesi.

Chinanso, vesi isadye mawu a kolasi. Mayiyu akanena kale za chitseko ndi nyali mu vesi, kolasi ikafika idzapeza kuti nkhani yake yanenedwa kale.

Vesi yachiwiri ndiyo imavuta kuposa zonse, ndipo ndi pamene nyimbo zambiri zimafera. Wopeka amakhala atatsanula zonse mu vesi yoyamba, ndiye amangobwereza zomwezo ndi mawu ena. Chuni cha vesi yachiwiri chikhale chomwecho, koma nkhani isunthe. Mu nyimbo yathu, nthawi ipite: zokolola zadutsa katatu, mwana amene anasiyidwa ali kumsana wayamba sukulu, nambala ya foni sikulowanso, ndipo achibale ayamba kumuuza kuti aganize zina. Kolasi ikabweranso pambuyo pa zimenezi, mawu omwewo akuti "chitseko sindinakhome" amakhala olemera kuposa poyamba, chifukwa tsopano tikudziwa mtengo umene mayiyu akulipira posakhoma.

Tsopano tifike pa kachigawo kamene anthu ambiri sadziwa n'komwe kuti kali ndi dzina, ngakhale amakamva tsiku ndi tsiku. Pirikolasi ndi kachigawo kakafupi, kawirikawiri ka mabaa 4, nthawi zina 2 kapena 8, kamene kamakhala pakati pa vesi ndi kolasi. Ntchito yake ili ngati ya mwana wogwira legeni: mwala umapita patali malinga ndi mmene mphira wakokedwera kumbuyo. Pirikolasi ndiko kukokako.

Kukokako kumachitika m'njira zingapo nthawi imodzi. Yoyamba ili m'makhodi. Mu pirikolasi yathu tipewa dala khodi ya G. Tiyenda Am, C, Am, D, ndipo tiima pa D. Khodi ya so imeneyi ili ndi khalidwe lakuti siilola khutu kupuma, imafuna kubwerera ku do. Aliyense amene anaimbapo kwaya amadziwa mmene zimakhalira gulu likaima pa so, wotsogolera dzanja lili m'mwamba. Popeza womvera wakhala masekondi 10 osamva G, kolasi ikagwera pa G amamva ngati watula katundu. Njira yachiwiri ili m'chuni, chimene chimakwera pang'onopang'ono kuchokera pa mi, kudutsa fa ndi so, mpaka kukaima pa ti, pansi penipeni pa do wam'mwamba amene kolasi iyambirepo. Yachitatu ili m'mizere, imene imafupika kuti mpweya uzithamanga: "Anthu akunong'ona. Ine ndili chete. Koma kukada..." Mzere womalizawo sunathe, ndipo kolasi ndiyo iumalize. Ojambula nyimbo ambiri amawonjezera chinthu chachinayi: amazimitsa besi ndi ng'oma pa biti imodzi kapena ziwiri zomaliza, kuti kolasi igwe pa malo opanda phokoso.

Chitsanzo chimene ambiri angachipeze mosavuta ndi "Billie Jean" ya Michael Jackson, ya mu chimbale cha Thriller cha 1982. Mu vesi besi imangozungulira kachuni kobwerezabwereza. Kenaka pamafika malo pamene kachuni kameneko kamasiya, makhodi amasamukira kwina, ndipo woimba amayamba kukumbukira malangizo amene anthu ndi mayi ake ankamupatsa. Imeneyo ndiyo pirikolasi. Kolasi ikafika, besi ija imabwereranso, ndipo thupi limamva kubwerako mutu usanazindikire.

Kachigawo kameneka kali ndi matenda ake. Kakatalika kwambiri, mphamvu imatha kolasi isanafike. Kakakhala ndi chuni chokoma ndi chokwera kuposa kolasi, anthu amakaloweza ikoko, ndipo kolasi yeniyeni imamveka ngati kutsika. Zikatero musadandaule: mwina kolasi yanu ndi imeneyo, ndipo inayo ichotsedwe. Komanso si nyimbo iliyonse imene ikufuna pirikolasi. Ngati vesi ikulowa bwino mu kolasi popanda kudzandira, isiyeni choncho. Pirikolasi imafunika pamene vesi ili pansi kwambiri ndipo kolasi ili pamwamba kwambiri, kapena pamene vesi ndi kolasi zikuyenda pa makhodi ofanana ndipo pakufunika china chozisiyanitsa.

Za chiyambi sindichulukitsa. Ntchito yake ndi kuuza womvera liwiro, kiyi ndi mtima wa nyimbo, komanso kupatsa woimba poyambira. Kachuni kakafupi ka gitala kapena kiyibodi, kawirikawiri kotengedwa ku kolasi, kamakwanira. Mu nyimbo yathu tiika mabaa 4, gitala ikuimba chuni cha "bwerani" popanda mawu, kuti kolasi ikadzafika idzamveke ngati yodziwika kale. Chiyambi chachitali n'chotheka, koma chiyenera kukhala ndi chifukwa. Cha "Billie Jean" chimatenga pafupifupi theka la mphindi, ndipo Quincy Jones, amene anajambula nyimboyo, ankafuna kuchidula, koma Jackson anakana chifukwa ndi chimene chinkamuvinitsa. Masiku ano zinthu zinathina. Pa Spotify nyimbo imawerengedwa kuti yamvedwa pokhapokha munthu akaimvera kwa masekondi 30, ndipo chala cha womvera chimakhala pafupi ndi foni nthawi zonse. N'chifukwa chake nyimbo zambiri zatsopano zimayamba ndi mawu nthawi yomweyo, zina ndi kolasi imene. Woimba amene amatha masekondi 40 akutchula dzina lake, la situdiyo ndi la anzake onse a m'dera, akuwononga nthawi imene womvera anamubwereka.

Pofika pamene kolasi yachiwiri yatha, womvera wamva zonse kawiri. Akudziwa chimene chikubwera, ndipo maganizo ake ayamba kupita kwina. Apa ndi pamene buliji imalowa. Imabwera kamodzi kokha mu nyimbo yonse, nthawi zambiri ndi mabaa 8, ndipo iyenera kubweretsa chinthu chimene sichinamvekepo, m'chuni ndi m'mawu momwe.

M'makhodi, tasunga Em kuyambira pachiyambi osaigwiritsa ntchito, dala kuti tidzaitulutse pano. Buliji yathu iyenda Em, C, Em, D. Khodi ya la imamveka yachisoni, ndipo popeza ndi yachilendo mu nyimboyi, khutu limadzidzimuka. Ng'oma zisiye, patsale kiyibodi yokha. Koma kusintha kwakukulu kukhale m'nkhani. Mpaka pano tamva mayi yekha. Mu buliji mulowe mawu a mwamuna, ali kutali: "Si kuti ndinakuiwala. Ntchito inatha kalekale. Ndilowa bwanji m'mudzi chimanjamanja?" Tsopano womvera wadziwa chimene mayiyu sakudziwa, kuti chikumutsekereza mwamunayu ndi manyazi. Buliji ithera pa D, mphira wakokedwanso, ndipo kolasi yomaliza ikulowa: "Chitseko sindinakhome, bwerani." Palibe liwu limene lasintha, koma tanthauzo latembenuka. Poyamba kunali kudandaula kwa munthu wosiyidwa. Tsopano ndi yankho: bwerani momwemo, ngakhale mulibe kanthu.

Umenewu ndiwo muyeso umene ine ndimayezera buliji iliyonse: kodi kolasi yomaliza ikumveka mosiyana chifukwa cha iyo? Gulu la Beatles linachita zimenezi mu "We Can Work It Out" ya 1965. Mavesi a Paul McCartney ndi a munthu amene akukhulupirira kuti mkangano wa awiri ungathe. Chigawo chapakati, chimene John Lennon anathandiza kulemba, chimasamukira ku makhodi achisoni, chimakumbutsa za kufupika kwa moyo, ndipo pamapeto pake kagundidwe kamasintha kwakanthawi n'kumayenda patatupatatu. Nyimbo ikabwerera kumene inachokera, pempho lija limamveka lachangu kuposa poyamba.

Buliji yolephera imadziwika msanga. Imakhala vesi yachitatu yobisala: makhodi omwewo, nkhani yomweyo, kungosintha mawu. Ina imapita kutali kwambiri moti imamveka ngati nyimbo ina yamatidwapo. Ngati mulibe chatsopano chonena, ndi bwino kupatsa gitala kapena lipenga mabaa 8 amenewo, kapena kuitana wa rapu, kapena kungoimba kolasi motsitsa ndi kuwomba m'manja kokha musanaikwezenso. Zonsezi zimagwira mbali ina ya ntchito ya buliji, yopumitsa khutu, ngakhale sizitembenuza nkhani.

Tiyeni tsopano tiyale nyimbo yathu pa wotchi. Chiyambi cha mabaa 4 chitha pa sekondi 10. Vesi yoyamba ya mabaa 8 itifikitsa pa 30, pirikolasi pa 40, ndipo kolasi yoyamba itha mphindi imodzi ikungokwana. Tibwereze kachuni ka gitala kaja kwa mabaa 2 kuti woimba apume, kenaka vesi yachiwiri, pirikolasi ndi kolasi zitifikitse pa mphindi imodzi ndi masekondi 55. Buliji itha pa mphindi ziwiri ndi masekondi 15. Kolasi yomaliza tiimba kawiri, titseke ndi mabaa 4, ndipo nyimbo yonse yakwana mabaa 74, omwe ndi mphindi zitatu ndi masekondi 5. Chofunika kuona apa n'chakuti kolasi yafika pa sekondi 40. Tikanati tiike chiyambi cha mabaa 8 ndi vesi ya mabaa 16, womvera akanadikira mpaka mphindi imodzi ndi masekondi 10. Mu rapu, momwe vesi ya mabaa 16 ndi yachizolowezi ndipo anthu amabwerera mawuwo, zimenezo zili bwino. Mu nyimbo yofuna kuti gulu liimbe nawo, ndi mtunda wautali.

Wina afunsa kuti, nanga nyimbo zathu zambiri zimene zimangozungulira pa makhodi atatu kapena anayi kuyambira poyamba mpaka pomaliza? Funsoli ndi loona. Kwela imene Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka ankaimba imayenda pa kamzungulire kakafupi ka makhodi kobwerezabwereza, ndipo nyimbo zambiri zovina za masiku ano zimachita chimodzimodzi. Pamenepo makhodi sangakuthandizeni kusiyanitsa zigawo, choncho ntchito yonse imagwera pa zinthu zitatu zotsala: kukwera kapena kutsika kwa chuni, kuchuluka kwa mawu pa baa imodzi, ndi zida zimene zikulowa kapena kutuluka. Vesi ikhale pansi ndi mawu ambiri, kolasi ikhale pamwamba ndi mawu ochepa okokedwa, besi izime pa pirikolasi n'kubwerera pa kolasi. Womvera adzamva zigawo zonse ngakhale woimba gitala sanasunthe dzanja kupita kwina.

Ndipo tisaganize kuti kamangidwe ka zigawo zisanu aka ndi lamulo la nyimbo zonse. Nyimbo zambiri za m'buku la Nyimbo za Mulungu ndi mavesi okhaokha oimbidwa pa chuni chimodzi, ndipo zakhala zikutonthoza anthu pa maliro kwa mibadwo. Rumba ya ku Congo ili ndi njira yakeyake: imayamba modekha ndi mawu, kenaka n'kutembenukira ku sebene, pamene magitala amatenga ulamuliro ndipo anthu amadzuka kukavina. Kumeneko chimene aliyense akudikira ndi sebene, ndipo munthu wofuna kuikamo pirikolasi ndi buliji angangoiwononga. Zigawo zisanu zija zimagwira bwino ntchito pa nyimbo ya mphindi zitatu kapena zinayi, yokhala ndi nkhani yofotokoza ndi mzere umodzi wofuna kuti anthu apite nawo kunyumba.

Kwa inu amene muli ndi kope la nyimbo ndipo mukusonkhanitsa ndalama ya situdiyo, pempho langa ndi ili. Musanapite, lembani pa pepala chigawo chilichonse ndi mabaa ake, ndipo pambali pake mulembe chimene chikusintha pamenepo: chuni, makhodi, zida kapena nkhani. Chigawo chimene mwasowa cholemba pambali pake, chichotseni muli kunyumba, chifukwa ku situdiyo nthawi yokangana ndi wojambula kuti kolasi ili pati mudzailipira ndinu.